Makomenti atatu omwe modelo inati alibe vuto: nkhani ya agogo a kuseri kwa chigayo

Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu, ndipo imodzi mwa ntchito zomwe ndimayang'anira ndi ya wailesi ina ya m'dera kuchigawo cha kummwera, dzina sinditchula. Wailesiyi ili ndi apu yake pomwe amaikapo nkhani ndipo omvera amalemba makomenti pansi pa nkhani iliyonse, ambiri m'Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, ena kuponyamo ka Chilomwe, malembedwe ake a pafoni aja odula mawu. Oyang'anira makomentiwo ndi awiri basi, mayi wina yemwenso amawerenga nkhani za masana ndi mnyamata wina wongodzipereka, nde kukangoda kumakhala kulibe munthu amene akuona zomwe zikulembedwa. Nchifukwa chake tinaikapo modelo ya chilankhulo, pulogalamu ya AI yowerenga ndi kulemba mawu, kuti komenti iliyonse ikalowa iziyamba yawerengedwa ndi kuyerekezedwa ndi malamulo a wailesi isanaonekere kwa anthu.

Malamulowo ndi 6. R1 ndi kutukwana, R2 kunyoza mtundu wa anthu, chipembedzo kapena ulumala, R3 kuopseza kapena kumema anthu kuti akachite chiwawa, R4 kuulula za munthu monga nambala yake ya foni kapena komwe amakhala, R5 zotsatsa zachinyengo, R6 zolaula. Modelo imalandira malamulowa limodzi ndi komenti ndipo imayenera kubweza JSON, yankho lolembedwa mwa dongosolo loti pulogalamu iwerenge, ya zinthu zitatu: `category` kutanthauza mtundu wa mlandu, `severity` kukula kwake kuyambira 0 mpaka 3, ndi `action` chomwe chichitike, pakati pa `allow`, `warn`, `hide` ndi `escalate`. Chomalizacho chimabisa komenti komanso kutumiza uthenga pafoni ya modereta nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku. Pa zotukwana ndi za anthu ogulitsa mankhwala ochulukitsa ndalama zinkayenda bwino ndithu, mamodereta anali atapumako.

Tsiku lomwe nkhaniyi inayamba wailesi inaika nkhani yoti mwana wina wapasukulu wamwalira mwadzidzidzi m'mudzi wina, anangodandaula mutu madzulo ndipo pofika naye kuchipatala anali atatisiya kale. Makomenti ambiri anali opepesa. Koma pakati pawo panalowa atatu, ochokera kwa anthu atatu osiyana, otalikirana ndi mphindi zingapo. Woyamba analemba kuti "Mwana sangafe chonchi popanda munthu, tonse tikudziwa." Wachiwiri anayankha pansi pake kuti "Si agogo aja a kuseri kwa chigayo? chaka chatha anali mwana wa mchimwene wawo." Wachitatu nkubwera ndi yoti "Mawa tikangoika maliro tikawachezere, anyamata musathawe."

Munthu aliyense wokulira kuno akawerenga zitatuzi thupi limachita tsemwe, palibe chofunika kumufotokozera. Modelo pa iliyonse mwa zitatuzo inabweza chimodzimodzi:

```json
{"category": "none", "severity": 0, "action": "allow"}
```

Usiku womwewo pansi pa nkhani ya mpira wina analemba kuti "Manoma ndinu mbuzi zenizeni mpira munausiya kalekale" ndipo iyi modelo inaipatsa `insult`, `severity` 2, nkuibisa. Zonyozana za ochemerera Maule ndi Manoma zomwe aliyense amadziwa kuti mawa akumana pa bawo akuseka zinabisidwa, pomwe kupangana kokachita chipongwe gogo kunatsala poyera.

Amene anaona ndi mayi modereta uja, osati chifukwa foni inalira ayi, anangotsegula apu asanagone chifukwa mudziwo uli kufupi ndi kwawo kwa amuna awo. Anandiimbira akuti "Achimwene, tatsegulani nkhani ya mwana uja muone zomwe makina anuwa alola, chigayo chimenechi ndikuchidziwa ndipo kuseri kwake kuli nyumba imodzi yokha." Mawu akuti nyumba imodzi yokhawo ndi amene anasintha zonse, chifukwa zikutanthauza kuti ngakhale dzina silinalembedwe, aliyense wa m'deralo akudziwa khomo loti akagogode.

Zomwe tinachita usikuwo sizinali za khodi. Mayiwo anabisa makomenti atatuwo pamanja ndi kutseka kuti pansi pa nkhaniyo pasalembedwenso kanthu, koma tinagwirizana kuti asafufutidwe m'databesi, chifukwa ngati zikafika kupolisi pafunika umboni wa amene analemba, nthawi yake ndi mawu ake enieni. Kenako anaimbira mkonzi wa nkhani, iye nkuimbira amfumu a mudziwo ndi apolisi a m'deralo. Kuchita mwachangu chonchi si mantha achabe. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi okalamba anaphedwa ndi gulu la anthu atawaganizira ufiti mtsikana wina atamwalira ndi mphenzi, ndipo mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo zinaphetsa anthu. Komanso lamulo lokhudza ufiti la 1911 lomwe likugwirabe ntchito m'Malawi limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pakokha, ndiye komenti yachiwiri ija inali kale yolakwira lamulo la dziko ngakhale yachitatu ikanapanda kubwera.

Mmawa ndinakhala pansi kuti ndione chomwe chinachitika mkati. Choyamba chomwe ndinafuna kudziwa nchakuti kodi vuto ndi Chichewa, mwina modelo sinamve mawuwo. Ndinamasulira makomentiwo m'Chingerezi ndekha nkuwatumiza imodzi imodzi ngati momwe pulogalamu imachitira, ndipo yankho linabwera lomwelo, `none`, 0, `allow`. Apa mpomwe ndinadziwa kuti kusintha modelo nkugula yodula sikukonza kanthu. Tangoiwerengani yachitatu ija payokha ngati simunaone zinazo: mawa tikangoika maliro tikawachezere. Ndi mawu aulemu, a munthu amene akumema anzake kukapepesa anamfedwa. Pulogalamu imatumiza komenti imodzi yokha popanda mutu wa nkhani, popanda komenti yomwe ikuyankhidwa, nde "wa" wa mu "tikawachezere" modelo inalibe podziwira kuti akuloza agogo aja. Ndi zomwe inapatsidwa, yankho lake linali lolondola.

Chachiwiri chinali mu pulomputi momwe, malangizo omwe timailembera modelo. Pa `severity` panangolembedwa kuti 0 palibe vuto, 1 pang'ono, 2 kwambiri, 3 koopsa. Mukaisiya chonchi modelo imayeza kukula kwa mlandu ndi ukali wa mawu, mawu akuti mbuzi amakwera, mawu akuti kuchezera amatsika. Koma kwathu kuno zoopsa zenizeni sizibwera ndi zotukwana. Zimabwera ngati "tikamuone", "akaone polekera", "timuphunzitse", "tikamuperekeze", mawu oti mutha kuwanena pamaso pa apongozi osachita manyazi.

Ndiye ndinasintha zinthu zitatu, ndipo ndifotokoza chifukwa cha chilichonse popeza apa mpomwe anzanga ogwira ntchito ngati iyi angatolepo kanthu.

Poyamba, modelo tsopano imalandira mutu wa nkhani, komenti yomwe ikuyankhidwa, ndi makomenti 5 omaliza a pamzere womwewo, iliyonse ndi nambala yake, ndipo pulomputi imanena momveka kuti woweruzidwa ndi womaliza yekha, enawo ndi ongothandiza kumva nkhani. Ndisanatumize khodi imachotsa maina a olemba nkuikapo `U1`, `U2`, ndi kuphimba manambala a foni ndi `[PHONE]`, chifukwa zolembazo zikupita ku seva ya kampani ya kunja ndipo palibe chifukwa choti iwo adziwe kuti walemba ndani. Chizindikiro cha `[PHONE]` chija chimakwanira kuti R4 igwirebe. Izi zakweza mtengo, osabisa, pakuti kampaniyo imalipiritsa powerenga matokeni, tizidutswa ta mawu, ndipo Chichewa chimadulidwa m'matokeni ambiri kuposa Chingerezi, liwu limodzi ngati "tikawachezere" limaphwanyidwa tizidutswa tingapo, ndiye kutumiza makomenti 6 m'malo mwa imodzi kumamveka pa bilu. Tinagwirizana ndi a wailesi kuti pa nkhani za mpira ndi zosangalatsa tizitumiza komenti ndi yomwe ikuyankhidwa basi, koma pa nkhani za imfa, umbava, malo ndi ndale tizitumiza zonse.

Kusintha kwachiwiri ndi komwe ndimakuona kuti nkofunika kuposa zonse. Ndinasiya kufunsa modelo kuti mlanduwu ndi waukulu bwanji, ndinayamba kuifunsa mafunso awiri oyankha eya kapena ayi. Kodi pali munthu weniweni amene anthu a m'deralo angamuzindikire kuchokera pa zomwe zalembedwa, kaya ndi dzina, malo, ntchito kapena ubale? Kodi pali kumema anthu kuti achitepo kanthu pa iye, makamaka ngati patchulidwa nthawi kapena malo? Ndipo `severity` ndinaimanga pa mayankho amenewa. 1 ndi mawu oipa osaloza munthu wodziwika, monga kunyoza timu. 2 ndi pomwe munthu wozindikirika akunyozedwa kapena kunamiziridwa. 3 ndi pomwe munthu wozindikirika akumemeredwa anthu, kapena akunenedwa chinthu chomwe kuno chimaphetsa, ndipo zinthuzo ndinazilemba m'pulomputi mosazungulira: ufiti, kupopa magazi, kuba mwana, kuba ziwalo za munthu. Modelo yophunzitsidwa ndi zolemba za maiko ena imaona nkhani ya ufiti ngati nthano kapena chikhulupiriro cha munthu choyenera kulemekezedwa, simungayembekeze kuti idziwa yokha kuti pamudzi ndi chiweruzo cha imfa. Muyenera kuiuza.

Komenti yachitatu ija nditaitumizanso ndi dongosolo latsopanoli inabwera chonchi:

```json
{
  "evidence": "tikawachezere, anyamata musathawe",
  "target_identifiable": true,
  "call_to_act": true,
  "related_ids": [1, 2],
  "rule": "R3",
  "category": "threat",
  "severity": 3
}
```

Taonani ndondomeko ya makiyiwo, maina a kumanzerewo, si yangozi. Modelo imalemba kuyambira kumayambiriro kupita kumapeto, chilichonse chomwe yalemba chimatsogolera chotsatira, ndiye ikayamba ndi `severity` imaponya nambala kaye kenako nkumafuna zifukwa zoikira kumbuyo nambalayo. Ikayamba ndi umboni ndi mafunso awiri aja, nambala imabwera itatsamira pa kanthu. Ndipo `evidence` ndinalamula kuti akhale mawu enieni okopedwa mu komenti, khodi imayang'ana ngati mawuwo alimodi, akapanda kupezeka yankho lonse limakanidwa. Izi zimagwira nthawi zomwe modelo yapeka mawu omwe munthu sanalembe, komanso zimathandiza modereta amene wadzutsidwa usiku kuona pompo chomwe chavuta osawerenga mzere wonse.

`related_ids` inabwera chifukwa cha funso la mnyamata wodzipereka uja, yemwe anati "Koma bwana, mukabisa yachitatu yokha, ija yotchula chigayo itsala, ndipo yoopsa kwambiri ndi imeneyo." Ananena zoona. Komenti yoyamba ija, yoti mwana sangafe popanda munthu, pa nthawi yomwe inalowa inalibe munthu woloza, sitikanaibisa mwachilungamo, anthu ali ndi ufulu wokhulupirira zomwe amakhulupirira. Inasanduka mbali ya chiwembu pomwe yachiwiri inaika nyumba ndipo yachitatu inaika tsiku. Ndiye chigamulo cha komenti sichingakhale chomaliza pa mphindi yomwe yalowa. Panopa modelo ikabweza 3, makomenti onse omwe yawatchula mu `related_ids` amabisidwa limodzi mpaka munthu awaone.

Mwaona kuti mu JSON ya pamwambayi mulibe `action`. Uku ndiye kusintha kwachitatu. Poyesa ndinapeza mayankho ena odzitsutsa okha, `severity` 3 koma `action` nkukhala `warn`, ndipo mukatumiza komenti yomweyo kawiri nthawi zina imasintha maganizo ngakhale `temperature`, yomwe imalamulira kusinthasintha kwa mayankho, ili pa 0. Chochita ndi komenti ndi mfundo ya wailesi, si chinthu choti modelo iziganizira mwatsopano ulendo uliwonse, nde ndinachichotsa m'manja mwake nkuchiika mu khodi:

```python
ACTION = {0: "allow", 1: "warn", 2: "hide", 3: "escalate"}

if r["target_identifiable"] and r["call_to_act"]:
    r["severity"] = 3
r["action"] = ACTION[r["severity"]]
```

JSON yomwe imafika ku apu imakhalabe ndi `category`, `severity` ndi `action` ngati kale, a mbali ya apu sanasinthe kalikonse, kungoti chomalizacho chikulembedwa ndi mizere inayi yomwe aliyense atha kuiwerenga. Mkonzi akadzafuna kuti 1 isamachenjezenso munthu, timasintha liwu limodzi, osagwira pulomputi.

Pali kena kamene ndinakapeza ndikufufuza zimenezi, kosakhudza agogowa mwachindunji koma koopsa mofanana. Modelo nthawi zina imabweza JSON yosweka, mwina yaika mawu ofotokoza patsogolo, mwina yadukira panjira, mwina yalemba `"severity": "high"` m'malo mwa nambala, ndipo nthawi zina imakana kuyankha kumene komenti ikakhala yonyansa kwambiri. Pulogalamu ikalephera kuwerenga yankho inkangolola komenti kuti idutse kuti omvera asadikire. Ganizirani bwino, ndiye kuti makomenti oipitsitsa omwe modelo yakana kuwagwira ndi omwe anali ndi mpata waukulu wodutsa. Panopa timagwiritsa ntchito JSON Schema, chikombole cha momwe yankho liyenera kuonekera, yokhala ndi `enum`, mndandanda wa mawu ololedwa okha, pa `category` ndi `rule`, yankho likalephera timayesanso kamodzi, likalepheranso komenti imaimikidwa kudikira munthu. Wolemba amangoona uthenga woti komenti yake ikuunikidwa.

Zitayamba kugwira ntchito mavuto atsopano sanachedwe, ndipo onse anali a mbali inayo, kubisa zosayenera kubisidwa. Wosewera wina atagoletsa zigoli ziwiri munthu analemba kuti "mwana uyu ndi mfiti ya mpira" nkutchula dzina lake, foni ya mayi modereta inalira usiku chifukwa pali munthu wodziwika ndipo patchulidwa ufiti. Ina inali yowawa kwambiri: mphunzitsi wina analemba kudzudzula, akuti "mukuti agogo a kuseri kwa chigayo ndi mfiti umboni wake uli kuti, manyazi mulibe?" ndipo inabisidwa ngati kuti iye ndi amene akuneneza. Anthu oterewa ndi amene timawafuna pansi pa nkhani, ndi amene amaziziritsa gulu, ndiye kuwatseka pakamwa nkuthandiza olakwa. Ndinaonjezera m'pulomputi zitsanzo zenizeni za Chichewa, chimodzi chotamanda, chimodzi chodzudzula mobwereza mawu a wina, chimodzi cha pemphero la kutchalitchi lotsutsana ndi mphamvu za mdima losatchula munthu, chilichonse ndi JSON yake yoyenera. Pa ya mphunzitsiyo tinakambirana nthawi yaitali, chifukwa ngakhale cholinga chake chinali chabwino inkabwerezabe malo a nyumba ija. Tinagwirizana kuti yotere izilandira 2 pansi pa R4 osati R3, ibisidwe, koma wolembayo alandire uthenga womuthokoza ndi kumupempha kuti alembenso osatchula malo. Mphunzitsiyo analembanso.

Makomenti onsewa, atatu oyamba aja, ya mbuzi, ya mfiti ya mpira, ya mphunzitsi, ndi ena omwe mamodereta akhala akutola, ndinawasunga mu fayilo imodzi pamodzi ndi yankho lomwe anthu awiriwo anagwirizana kuti ndiye loyenera. Ndikangosintha liwu m'pulomputi kapena kampani ikasintha modelo, ndimayendetsa fayiloyi kaye. Chomwe ndimayang'ana choyamba si kuchuluka kwa zomwe yakhoza ayi, ndimayang'ana ngati pali 3 iliyonse yomwe yatsika kukhala 0 kapena 1. Ikapezeka ngakhale imodzi kusinthako sikupita kwa anthu. Kulakwitsa pa za mpira kumakwiyitsa munthu kwa tsiku limodzi, kulakwitsa mbali iyi kumathera kumanda, ndiye sindiziika pa sikelo imodzi.

Malire ake alipobe ndipo ndi bwino kuwadziwa. `target_identifiable` imadalira zomwe modelo ingaone m'mawu, koma kuti kuseri kwa chigayo kuli nyumba imodzi yokha anadziwa ndi mayi uja, modelo siingadziwe zimenezo, nchifukwa chake ndinaiuza kuti pakatchulidwa malo alionse pamodzi ndi munthu iziyankha `true` ngakhale ikukaika. Komanso anthu amaphunzira msanga, akaona kuti liwu lina likubisidwa amayamba kulemba "mf1ti" kapena "owuluka usiku aja", ndipo zoterezi amayamba kuziona ndi mamodereta, ine ndimangozilandira nkuziika m'fayilo ija.

Za agogowo zinatha chonchi. Pomwe makomenti amabisidwa usiku uja wina anali atajambula kale sikirinishoti ndipo inali ikuzungulira m'magulu a WhatsApp a m'mudzimo, komwe ife tilibeko mphamvu iliyonse, ndiye kubisa kwathu sikunazimitse nkhaniyo. Chomwe chinathandiza ndi mafoni aja. Amfumu anatuma anthu m'mamawa kukawatenga agogowo nkuwapititsa kwa mwana wawo wamkazi kumudzi wina, apolisi awiri anakhala nawo pamaliro, ndipo polankhula kumanda amfumu ananena poyera zomwe achipatala anauza makolo, kuti mwanayo anamwalira ndi malungo a mu ubongo. Madzulo ake anyamata ena anapitabe kunyumba ija, anapeza kulibe munthu, anaswa chitseko ndi kugenda malata. Apolisi anapempha wailesi zolemba za makomenti atatu aja kudzera m'kalata, mkonzi anapereka, ndipo olemba yachiwiri ndi yachitatu anaitanidwa kukafunsidwa. Maakaunti awo pa apu anatsekedwa, wolemba yoyamba anangochenjezedwa. Agogowo anabwerera kwawo patapita miyezi, chitseko anakonza ndi a mpingo wawo.

Kuchokera pamenepo wailesi inasintha zinthu ziwiri zomwe si za khodi. Nkhani iliyonse ya imfa yadzidzidzi ikaikidwa, makomenti ake onse amadikira munthu kuyambira 8 koloko usiku mpaka mmawa posatengera zomwe modelo yanena. Ndipo uthenga wa `escalate` sumapitanso kwa modereta yekha, umapitanso kwa mkonzi, yemwe ali ndi manambala a mafumu ndi apolisi a madera onse omwe wailesiyo imamveka.